Wotchi Yopukusa Kawiri

Agogo anga aamuna, bambo a amayi anga, anagwira ntchito ya njanji ku Chipoka kuyambira ali anyamata mpaka tsitsi litachita mbuu. Ntchito yawo inali yotembenuza njanji kuti sitima ilowe mbali yoyenera, ndipo munthu wa ntchito imeneyo safunsa nthawi kwa mnzake. Wotchi yawo anaigula okha ku Limbe, amayi asanabadwe. Inali ya pamkono, yachitsulo, galasi lake litakandikakandika, ndipo sinkadya batire. Inkafuna kupukusa. M'mbali mwake munali kamutu kakang'ono ngati njere ya mapira, ndipo m'mawa uliwonse agogo ankaivula, n'kugwira kamutuko ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kumakapukusa pang'onopang'ono mpaka katalimba.

Pamene ndinabwerera kudzakhala kwathu, banja langa litatha, agogo anali atasiya zambiri. Kumunda anasiya. Njinga anapatsa mlamu wawo. Maso anagwidwa ndi ng'ala, moti mivi ya wotchiyo sankaionanso. Koma kupukusa sanasiye. Akadzuka ankakhala pampando wawo wa ndalema pakhonde, n'kupukusa, n'kuiika kukhutu, kenako n'kundiitana.

"Akazi anga, tabwerani mundiwerengere. Ikuti bwanji?"

Umu ndi mmene ankandiitanira chibadwire, monga amachitira agogo ndi zidzukulu zawo. Ine ndinkawayankha kuti amuna opanda khasu ngati iwo ndinawakana kalekale, kenako n'kuwauza nthawi. Akamva ankagwedeza mutu ngati ndakhoza mayeso. Tsiku linali layamba.

Wotchiyo inaima m'nyengo ya mwera. Ndinali kusesa pabwalo pamene ndinaona kuti akupukusa osasiya. Kamutu kaja kankangozungulira, osalimba. Anaika kukhutu, n'kuigwedeza, n'kuikanso kukhutu. Anati pamene amayamba kupukusa anamva kenakake kakuti thwa m'kati, ngati ulusi waduka. Anaivalanso chomwecho, yakufa, ndipo tsiku limenelo sanandifunse nthawi.

Sindinaganize kuti ndi nkhani. Nthawi ili pa foni, ili pa wailesi, ndipo munthu wosaona mivi wotchi aichitiranji? Koma patapita masiku ochepa agogo anayamba kuchedwa kudzuka. Dzuwa linkafika pamwamba pa mtengo wa mango iwo akadali m'bulangete. Ndikawadzutsa ankati, "Ndidzukire chiyani? Kuli ntchito yanji?" Tiyi ankazizira pambali pawo. Amayi, omwe amagula usipa wouma kunyanja n'kukagulitsa ku Lilongwe, anandikokera kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, "Iwe, abambowa akutipulumuka tikuona." Pamenepo m'pamene mantha anandigwira. Kupukusa kuja inali ntchito yokhayo imene inawatsalira, ndipo tsopano nayonso inali itatha.

Ndinapita nayo ku Salima, kwa anyamata a timatebulo pafupi ndi depoti. Woyamba anaitembenuza n'kufunsa kuti batire amalowetsera pati. Wachiwiri anali wodziwako. Anati angathe kuchotsa zonse za m'kati n'kuikamo makina a batire, kunja n'kukhala chimodzimodzi, ndipo ndiitenga tsiku lomwelo. Mtima wanga unakopeka, sindinama. Ine ndine munthu wa phuma, zinthu zochedwa zimandiwawitsa mutu. Koma ndinafunsa ngati idzafunabe kupukusa, iye n'kuseka, amvekere, "Mayi, ubwino wake ndi womwewo, simudzavutikanso." Ndinailanda m'manja mwake. Mnyamatayo sanakwiye. Anandiuza kuti ku Lilongwe, m'misewu ya mashopu akale, kuli bambo wina wachikulire yemwe amakonzabe mawotchi opukusa, ndipo anandilongosolera pamene pali shopu yake.

Nditawafotokozera agogo za makina a batire aja, anangoti, "Chikomekome cha mkuyu." Za bambo wa ku Lilongwe anamvetsera bwino. Koma anakana kuti wotchi inyamuke.

"Siipita kwa munthu amene sindikumudziwa, osadziwanso mtengo, osadziwanso tsiku lobwera. Safunsa anadya phula. Mulembereni kalata."

"Kalata, agogo? Masiku ano? Amayi akapita akangofunsa pakamwa."

"Za pakamwa zimauluka. Munthu akalemba mtengo ndi dzanja lake amachita manyazi kuusintha. Tengani pepala."

Ndinang'amba pepala pakati pa kope n'kukhala pamkeka. Agogo anayamba kunena, ine n'kumalemba. Koma abale, kalata ya agogo! Anayambira chaka chimene analowa ntchito, n'kufika pa mzungu wina amene ankawakalipira, n'kukhotera ku sitima ya pamadzi imene inkaima padoko, wotchi isanatchulidwe n'komwe. Mkono unatopa, mtima unayamba kutentha. Ndinatembenuza pepala mwakachetechete n'kulemba zanga zachidule, iwo akupitiriza kulankhula. Ndikukumbukira bwino zimene ndinalemba:

"Bambo, ndikupereka moni. Agogo anga anandisiyira wotchi yawo yakale yopukusa, ya pamkono. Inasiya kuyenda. Tikapukusa, kamutu kake kamangozungulira osalimba, ndipo tsiku limene inaima munamveka kulira kwa chinthu choduka m'kati. Sinagwe pansi, sinalowe m'madzi, koma timakhala kufupi ndi nyanja. Chonde mundiuze ngati ingakonzeke popanda kuikamo makina a batire, mtengo wake, ndiponso kuti zingatenge nthawi yaitali bwanji."

Ponena kuti anandisiyira, ine ndinkatanthauza kuti anaisiya m'manja mwanga kuti ndiiyendere, monga mmene amayi amandisiyira makiyi a nyumba. Sindinawerengenso kachiwiri. Ndinamata envelopu, amayi n'kuiika m'chikwama chawo, ndipo m'mawa mwake inakwera minibasi limodzi ndi matumba a usipa.

Yankho linabwera ndi amayi omwewo pa ulendo wotsatira. Anati anangoisiya kalata ija kwa bamboyo ali wotanganidwa ndi kasitomala, ndipo pobwerera anapeza envelopu ikuwadikira. Agogo anadzuka, anasamba, anavala malaya a kutchalitchi, n'kukhala pampando wawo kuti amve. Ndinatsegula. Zilembo zake zinali zopendekera, zooneka bwino, za anthu amene anaphunzira kulemba ndi inki. Ndinayamba kuwerenga mokweza, ndipo mzere wachiwiri usanathe ndinaima.

"Pitirizani," anatero agogo.

"Pano palibe zofunika. Ndidumphe ndifike pa mtengo."

"Zoti ndimve mundisankhire ndinu? Werengani zonse."

Ndinawerenga. "Mayi, ndalandira kalata yanu. Choyamba, pepani kwambiri ndi imfa ya agogo anu. Mzimu wawo uuse mumtendere."

Amayi, amene ankapeta mpunga chapafupi, anaimika lichero m'mwamba. Ine nkhope inatentha. Kenako mapewa a agogo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Kuchokera tsiku limene wotchi inaima ndinali ndisanamve kuseka kumeneko.

"Ndiye ndinafa liti? Maliro anga munandibisira? Mwana wanga," anatembenukira kwa amayi, "chipepeso munadya nokha?"

"Ndi uyu," anatero amayi akundiloza ndi lichero. "Walemba chiyani kumeneko?"

Ndinaulula mawu aja. Amayi anagwira pakamwa. "Anandisiyira? Iwe, mwana wa sukulu, sudziwa kuti wosiyira anthu katundu ndi amene watisiya?" Ndinayesa kudziteteza kuti bamboyo ndi amene wafulumira kumva zake, koma palibe anali mbali yanga. Agogo anati akazi awo awapha pa pepala kuti akwatiwe ndi wokonza mawotchi.

Kuseka kutatha ndinapitiriza, ndipo m'munsimo munalibe choseketsa. Bamboyo analemba kuti malinga ndi zimene ndafotokoza, chaduka ndi sipuling'i yaikulu, kachitsulo kopyapyala kokulungidwa m'kati kamene kamasunga mphamvu munthu akapukusa. Anati si mlandu wa wopukusa, zitsulo zimenezi zimatopa ndi zaka. Anati mtengo weniweni sanganene asanaitsegule, chifukwa kufupi ndi nyanja chinyezi chimalowa ndipo mwina m'kati muli dzimbiri. Komabe anatchula mtengo wongoyerekeza wa kuiphwasula yonse, kuitsuka, kuithira mafuta ndi kuika sipuling'i yatsopano. Unali ngati wa mbuzi yaikazi yabwino, ndipo theka linkafunika poyamba. Za nthawi analemba motere: "Masipuling'i a mawotchi akale sapezeka kuno. Ndimaitanitsa kunja, ndipo ndimadikira kuti ndiphatikize ndi zina. Muwerengere miyezi inayi, mwina isanu. Koma poti ndi chikumbutso cha malemu, ndikhulupirira kuti palibe changu."

Za mtengo sitinakangane, mbuzi tinali nayo. Koma miyezi isanu. Ndinayang'ana agogo, miyendo yawo yotupa, malaya amene tsopano ankawakhwepa m'khosi. Amayi anayambanso kupeta mpunga womwe unali utayera kale. Zimene tonse tinkaganiza anazinena ndi agogo eni ake.

"Miyezi isanu ndi ya anthu akufadi. Tengani pepala lina. Ulendo uno mulembe zimene ndikunena ine, ndipo mukatha mundiwerengere."

Kalata yachiwiri inali yaifupi, ndipo sindinasinthe liwu ngakhale limodzi. "Bambo, ine malemu ndikupereka moni. Zikomo chifukwa cha chipepeso, ndachisunga, chidzagwira ntchito m'tsogolo. Pakali pano ndikadali moyo, ndipo wotchiyi ndimaipukusa ndine. Mtengo ndavomera. Koma miyezi isanu sindingakulonjezeni. Ngati pali njira yachidule yosaipha wotchiyi, ndithandizeni."

Tinagwirizana kuti ndipite ndekha ndi kalatayo pamodzi ndi wotchi, amayi atsale ndi agogo. M'mawa wa ulendo ndinagwada pambali pawo kuti andipatse. Pamenepo mtima wanga unabwerera m'mbuyo. Ndinaganiza kuti bwanji ikapita n'kusawapezanso? Si bwino ingokhala pamkono pawo chomwecho, ngakhale yakufa? Ndinawauza zimenezi mosabisa. Iwo anamasula lamba okha. Pamene panali wotchi panatsala mzere woyererako, khungu lofewa ngati la khanda.

"Yakufa ndivalirenji? Ndine manda ine? Pitani."

Shopu ija ndinaipeza movutikira, yopanikizika pakati pa sitolo ya nsalu ndi ya mafoni. M'kati munali mopapatiza, mawotchi a pakhoma ali mbwee, aliyense akunena nthawi yake. Bamboyo anali wamfupi, wa imvi, atavala epuloni yoyera. Ndinapereka moni n'kumupatsa kalata. Anawerenga ataimirira. Atafika pa "ine malemu" anavula magalasi, n'kukhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi dzanja.

"Mayi, ndachita manyazi. Ndaika munthu wamoyo m'manda."

"Wolakwa ndine, bambo. Ndinalemba mothamanga."

"Ayi, nanenso ndikanafunsa. Kungoti amene amabwera ndi mawotchi otere masiku ano, pafupifupi onse eni ake anapita. Ndinazolowera."

Anayala kansalu patebulo, n'kuika kagalasi kokuzira zinthu padiso limodzi, n'kutsegula kumbuyo kwa wotchi ndi kampeni kobuntha. Kwa ine aka kanali koyamba kuona m'kati mwake. Munali timagudumu ta mano tolumanalumana, ndi timiyala tofiira ting'onoting'ono pamene timagudumuto timazungulirapo. Anandionetsa kagudumu kena kopanda mano, kokhala ndi kawaya kopyapyala kuposa tsitsi. Anakapemerera mphepo ndi kampira, ndipo kanavina uku ndi uku kenako n'kuima. Anati kameneko ndiye kamagawa nthawi, ndipo poti kakuvina momasuka ndiye kuti msana wake sunathyoke, imeneyo ndi nkhani yabwino. Dzimbiri linalipo pang'ono pa kamtengo ka kamutu kopukusira, koma silinafike patali. Kenako anamasula tizitsulo tingapo, n'kutulutsa kachitini kozungulira kokhala ndi mano m'mbali, n'kukatsegula. Sipuling'i inali m'menemo, yokulungika ngati lamba, yoduka chapafupi ndi pakati.

Anaiyeza mulifupi, kuchindikala kwake ndi kutalika kwake, n'kulemba pa kapepala. Ndiye anakoka kabati yodzaza mawotchi akufa, ena opanda galasi, ena opanda mivi. Anati amenewa ndi amene amapereka ziwalo kwa anzawo. Anafufuza nthawi yaitali, kutsegula, kuyeza, kubweza. Ine ndinakhala pa benchi miyendo ikundiyabwa. Pomaliza anatsala ndi imodzi m'manja.

"Iyi mulifupi ndi kuchindikala zikugwirizana, ndipo ikola bwino m'kachitinimu. Koma ndi yaifupi. Yake yeniyeni, mukapukusa m'mawa, imayenda tsiku lonse ndi usiku wonse n'kutsalako. Iyi siingafike m'mawa wotsatira. Idzafuna kupukusa kawiri, m'mawa ndi madzulo. Komanso ndi yakale, sindingalumbire kuti idzakhala zaka zingati. Ntchito yotere sindiikonda, ndikuuzeni zoona. Koma ndi imene ilipo."

"Ndiye muike, ndiitenge lero."

"Lero ayi. Milungu iwiri."

Apa phuma langa linabuka. Ndinamuuza kuti sipuling'i ili m'manja mwakemo, wotchi ili potseguka, chovuta n'chiyani? Kodi sanawerenge kalata? Mawu anakwera, mpaka mtsikana wa m'sitolo ya nsalu anasuzumira. Bamboyo anadikira kuti ndithe. Kenako anandipatsa kagalasi kaja kuti ndione ndekha. Pa timiyala tofiira tija panali zouma zachikasu ngati phula. Anati amenewo ndi mafuta akale osakanikirana ndi fumbi, ndipo akaika mphamvu yatsopano pa zouma zimenezo, timiyendo ta magudumu tidzadyeka, ndiye wotchi idzafa imfa yosadzukanso. Iyenera kuphwasulidwa yonse, chilichonse chitsukidwe, chiume, chibwerere pamalo pake ndi kadontho ka mafuta ake. Ikatero aisiye iyende masiku angapo, tsiku lina chagada, lina chafufumimba, lina cham'mbali, kuti aone ngati ikuthamanga kapena kutsalira, n'kuiwongola.

"Ndiika pambali ntchito zina zonse," anatero. "Koma masiku oiyang'anira sindingawadumphe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinamubwezera kagalasi kaja, manyazi ndi mkwiyo zitasakanikirana. Ndiye maganizo anga anatembenukanso. Ndinayamba kuona ngati tikuwapatsa agogo chinthu choperewera, chigamba, pamene iwo moyo wawo wonse anasunga wotchi yosaphonya. Ndinati mwina tingodikira yeniyeniyo. Bamboyo anati, "Mwini wake alipo. Bwanji timufunse?"

Ndinaimbira amayi, iwo n'kuika foni pakhutu pa agogo, ine n'kukweza mawu a foni kuti tonse timve. Bamboyo anaimirira ngati agogo alowa m'shopumo.

"Ndikulankhula ndi malemu kodi?"

"Ndi omwewo, bambo. Kuno kumanda tadzuka bwino, kaya inu kumeneko?"

Anapepesana, anaseka, anafunsana kwawo ndi mfunda, ndalama za foni yanga zikutha. Kenako bamboyo anafotokoza njira ziwiri zija mosakometsera: yeniyeni, miyezi inayi kapena isanu, yogwirizira, milungu iwiri, koma yopukusa kawiri pa tsiku. Kumbali ya agogo ndinkamva nkhuku zathu.

"Mwati kawiri? M'mawa ndi madzulo?"

"Eya, bambo. Pepani, ndi chilema chake chimenecho."

"Chilema chanji? Ine ndinali ndi ntchito imodzi pa tsiku, inu mukundipatsa ziwiri. Ikani imeneyo."

Bamboyo anati yeniyeni ija aitanitsabe, ikadzafika tidzasinthe. Analemba mtengo womaliza ndi tsiku lodzatenga pa pepala, n'kusaina, podziwa kuti agogo adzafuna kuligwira m'manja. Mtengowo unatsikako poyerekeza ndi wa m'kalata.

Milungu iwiri imeneyo inali yaitali. Agogo ankangosisita pamkono paja. Tsiku lina anadwala malungo, ndipo ine ndinakhala pakhomo pa chipinda chawo ndikudzitukwana chifukwa chowavula wotchi. Koma m'mawa uliwonse ankafunsa kuti kwatsala masiku angati, ndipo kufunsako kunkawadzutsa. Malungo anapola. Pa tsiku lolembedwa pa pepala lija amayi anabwera nayo, itakulungidwa m'kansalu, m'kabokosi ka sopo.

Inafika itaima, chifukwa bamboyo anawauza amayi kuti asaipukuse, woyamba akhale mwini wake. Agogo anaipapasa mbali zonse. Anagwira kamutu kaja n'kuyamba kupukusa, ndipo ndinaona nkhope yawo pamene kanayamba kulimba pansi pa zala zawo. Anaika kukhutu nthawi yaitali. Ine ndinakoka kamutuko n'kuika mivi pa nthawi ya pa wailesi, n'kukabwezera. Atavala anati, "Akazi anga, ikuti bwanji?" Ndinawauza nthawi. Ndinasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku la ukwati wanga.

Kuyambira pamenepo tsiku la agogo linakhala ndi mitu iwiri. M'mawa pakhonde, asanamwe tiyi. Madzulo nkhuku zikamalowa, ankaitana kuti, "Ndikupita ku shifiti yachiwiri." Tsiku lina anaiwala dala kuti aone ngati bamboyo ananena zoona, ndipo m'mawa anaipeza itaima. Anakondwa ngati wawina mlandu. Anati wotchiyi tsopano yafanana nawo, mpweya wake ndi waufupi, siifuna kusiyidwa yokha nthawi yaitali.

Mvula itayamba bamboyo anatumiza uthenga kuti sipuling'i yeniyeni yafika. Ndinawauza agogo. Anakana. "Andichotse ntchito yamadzulo? Ndalakwa chiyani? Muwauze asunge." Anadya chimanga chachiwisi chaka chimenecho, anafika mpaka pa kukolola.

Mwera utabweranso zala zawo zinayamba kukanika kugwira kamutu kaja. Kankapulumuka. Ndiye anayamba kundiphunzitsa, ngati kuti sindinawaonerere moyo wanga wonse. Uziyamba waivula, usapukuse ili pamkono, ungapinde kamtengo kake. Uzipukusa modekha. Kakalimba usiye, usakakamize. Ine ndi phuma langa ndinkathamangitsa, iwo n'kundimenya kadzanja. Ndikatha ndinkawaikira kukhutu, kenako n'kuwaveka.

M'mawa wina, ali gone pamphasa yawo chifukwa pakhonde sankafikanso, ndinapukusa, n'kuwaikira kukhutu, n'kutenga mkono wawo kuti ndiwaveke. Anabweza mkonowo. Anafufuza dzanja langa, n'kuika wotchi m'chikhatho changa, n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Kalata ija munalemba bwino, akazi anga. Munangofulumira. Tsopano ndakusiyirani."

Ndinawakalipira kuti asiye zolankhula zopanda pake, misozi ikugwera pa bulangete lawo. Iwo anangoti ndisaiwale yamadzulo. Anakhala nafe masiku ena owerengeka, ndipo m'masiku amenewo ndinkapukusa ndili pambali pawo kuti azimva.

Titamaliza za maliro, anthu atabalalika, ndinang'amba pepala lina pakati pa kope lomwe lija. Panalibe wondikakamiza kulemba kalata, nambala ya bamboyo ndinali nayo. Koma ndinalemba. Ndinayamba ndi mawu omwe aja, osasintha: "Bambo, ndikupereka moni. Agogo anga anandisiyira wotchi yawo yakale yopukusa, ya pamkono." Ndinawonjezera kuti ikuyenda bwino, ndi kuti chipepeso chawo chija tachigwiritsa ntchito. Za sipuling'i yeniyeni ndinapempha kuti andisungirebe, ndidzabwera ndi wotchiyo tsiku limene yaifupiyi idzaduke, osati lisanafike.

Amayi anabwera ndi yankho la mizere iwiri. Bamboyo anati ulendo uno wawerenga kawiri asanayankhe, ndipo sipuling'iyo waiika m'kaenvelopu, palibe changu.

Pa lamba ndinaboola bowo lina chifukwa mkono wanga ndi wochepa. Anzanga kumsika amandiseka kuti ndimavala wotchi ya amuna, yofuna kuilera ngati mwana. Ndimawasiya aseke. Ndikadali munthu wa phuma, basi ikachedwa kunyamuka ndimakangana ndi kondakitala. Koma nkhuku zikayamba kulowa, kaya ndili pakati pa chiyani, ndimapukuta manja, n'kuivula, n'kupukusa pang'onopang'ono mpaka kamutu kalimbe.